Madesiki anaperekedwa, ndalama sizikubwera: kalembedwe ka uthenga wokumbutsa ngongole mwaulemu koma mosagwedera

Funso: Ndine kalipentala pano pa boma la Kasungu. Ndinapangira sukulu ina yoyima payokha madesiki 40, lililonse pa mtengo wa K45,000. Anandipatsa K600,000 poyamba, ndipo tinagwirizana kuti zotsalazo apereka pakutha pa masiku 30 kuchokera pa 3 Malichi, tsiku limene ndinapereka invoisi. Lero ndi pa 7 Meyi koma palibe chimene chalowa. Eni sukuluyo ndi bambo aakulu, timapemphera mpingo umodzi, ndipo ndikawaimbira amangoti "tikuonani". Kodi ndilembe uthenga wotani kuti ndalama zanga zituluke koma ubale usawonongeke?

Yankho: Bambo, mwachita bwino kuganiza zolemba m'malo mopitiriza kuimba foni, chifukwa mawu akuti "tikuonani" amakoma pakamwa koma alibe tsiku, ndipo munthu akhoza kukuuzani mawu amenewa mpaka chaka kutha osamva kuti wanama. Uthenga wolembedwa umasiya umboni, komanso umapatsa wolandirayo mpata wouwerenga ali yekha, popanda manyazi oyang'anizana nanu maso ndi maso. Chimene ndikufuna mugwiritsitse ndi chakuti kulimba kwa uthenga wotere sikuchokera m'mawu aukali ayi. Kumachokera m'manambala olondola, m'tsiku lenileni limene mwatchula, ndiponso m'chinthu chimene mwanena kuti mudzachita tsikulo likadutsa, chimene mulidi wokonzeka kuchichita. Ulemu wonse muuike m'malonje ndi m'katchulidwe ka munthuyo, koma manambala ndi tsiku musazifewetse.

Musanalembe liwu lililonse, yalani mapepala anu patebulo ndi kuona ngati nkhaniyo ikuima bwino. Madesiki 40 pa K45,000 ndi K1,800,000, ndipo tikachotsa K600,000 imene munalandira, zotsala ndi K1,200,000. Masiku 30 kuchokera pa 3 Malichi anakwana pa 2 Epulo, kotero lero ngongoleyi yapitirira ndi masabata asanu. Onetsetsani kuti nambala ya invoisi, tsiku lake ndi dzina la sukulu zalembedwa molondola, kuti muli ndi kapepala kamene munthu wa pasukulupo anasaina polandira madesiki, komanso kuti risiti ya K600,000 ija ili pafupi. Yang'ananinso ku akaunti yanu ya kubanki ndi mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba kuyambira mu Malichi, chifukwa zimachitika kuti kasitomala anatumizako kenakake inu osazindikira. Palibe chimene chimafooketsa chikumbutso ngati kutchula ndalama zolakwika, pakuti kuyambira pamenepo zokambirana zimasiya kukhala za tsiku lolipira n'kukhala za masamu anu.

Kenako dzifunseni kuti kodi pasukulupo amene amakonza malipiro ndani. Inu mwakhala mukuimbira eni sukulu, koma m'masukulu ambiri ndi m'mabungwe invoisi imadutsa m'manja mwa basala kapena akauntanti, ndipo ndi iwo amene amaiika pamndandanda wa zolipira, eni akewo amangosaina cheke kapena kuvomereza kuti ndalama zituluke. Ngati invoisi yanu munaipereka m'manja mwa bambowo pabwalo la sukulu iwo n'kuiika m'thumba la jekete, n'kutheka kuti ku ofesi ya ndalama sakudziwa n'komwe kuti pali ngongole yanu. Nchifukwa chake uthenga wanu upite kwa eni sukulu, amene munapangana nawo, koma kope lake lipitenso kwa basala, ndipo zimenezi muzinene poyera mu uthengamo kuti pasakhale woganiza kuti mwamudutsa kuseri.

Tsopano nayi kalata imene ndingalembe ndikanakhala inu. Ikukwana patsamba limodzi, ndipo iyenera kutero.

"Wolemekezeka Bambo,

Chikumbutso cha invoisi nambala 027 ya pa 3 Malichi: ndalama zotsala K1,200,000

Ndikukupatsani moni, ndipo ndikhulupirira kuti inu ndi onse pasukulupo muli bwino. Ndikuthokozanso chifukwa cha ntchito ya madesiki imene munandipatsa.

Ndalemba kukukumbutsani za invoisi nambala 027 ya madesiki 40 amene ndinapereka kusukulu kwanu. Mtengo wonse unali K1,800,000, munapereka K600,000 poyamba, ndipo zotsala ndi K1,200,000. Monga tinagwirizana, ndalamazi zinayenera kuperekedwa pofika pa 2 Epulo, koma mpaka lero pa 7 Meyi sindinazilandire.

Ndikupempha kuti ndalama zonse K1,200,000 zikhale zitalowa pofika Lachisanu pa 16 Meyi, kudzera ku akaunti ya kubanki imene yalembedwa pa invoisi. Ngati munalipira kale, chonde nditumizireni umboni wa malipirowo kuti ndikonze mabuku anga. Ngati pali vuto lililonse ndi invoisiyi kapena ndi madesikiwo, kapena ngati simungathe kupereka zonse pakamodzi, ndidziwitseni polemba pofika Lolemba pa 12 Meyi kuti tigwirizane masiku enieni olipirira.

Ndikapanda kulandira malipiro kapena yankho pofika pa 16 Meyi, sindidzatha kuyamba ntchito ina iliyonse ya sukulu yanu, ndipo ndidzakulemberani kalata yomaliza yofuna ngongoleyi. Ndikukhulupirira kuti sitifika pamenepo.

Ndaphatikiza kope la invoisi ndi la kapepala kolandirira katundu. Kope la kalatayi ndaperekanso kwa a basala.

Ine wanu,"

ndipo pansi pake mulembe dzina lanu, dzina la shopu yanu ndi nambala ya foni. Nambala 027 ndangoikapo ngati chitsanzo, inu muike ya pa invoisi yanu.

Taonani momwe kalatayi yayalidwira. Mutu wake wokha wanena kale nkhani yonse, moti ngakhale bambowo atangoyang'ana mothamanga ali pakati pa zina, aona nambala ya invoisi ndi kuchuluka kwa ndalama. Malonje alipo, chifukwa kwathu kuno munthu wamkulu sumuyamba ndi nkhani ya ndalama usanamupatse moni, koma ndi ziganizo ziwiri zokha. Malonje akatalika n'kufika pofunsa za kumunda, za ana ndi za mvula, pempho limabisika, ndipo wowerenga amamva kuti wolembayo akuchita mantha ndi nkhani yake yomwe. Ndime yachiwiri ilibe mawu oweruza munthu. Sikunena kuti mwandinamiza kapena kuti mukundizemba, ikungotchula zimene munagwirizana ndi zimene zachitika, zinthu zoti bambowo sangazikane. Munthu ukamuuza kuti ndi wosakhulupirika amayamba kuteteza mbiri yake ndipo nkhani ya ndalama imaiwalika, pamene ukamuuza kuti pa 2 Epulo panadutsa, chomwe angayankhe ndi tsiku lina basi.

Pakati pa zonse, tsiku ndi limene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri aulemu amagwera. Amalemba kuti "chonde mundithandize mwamsanga" kapena "mukapeza mpata mundikumbukire", ndipo amaganiza kuti akumbutsa. Koma "mwamsanga" wa inu ndi sabata ino, pamene wa eni sukulu akhoza kukhala teremu yamawa, ndipo palibe amene angati wina walakwa. Mukalemba kuti Lachisanu pa 16 Meyi, nonse awiri mudzadziwa Loweruka m'mawa ngati pempho lakwaniritsidwa kapena ayi. Ndasankha masiku asanu ndi anayi mwadala. Masiku awiri kapena atatu ndi ochepa kwa sukulu imene mwina cheke chake chimafuna anthu awiri osaina, ndipo tsiku losatheka limangopatsa munthu chifukwa chabwino cholephera. Mwezi wathunthu ndi wautali, chifukwa umauza kasitomala kuti simuli pachangu. Pakati pa sabata imodzi ndi masabata awiri ndi pamene pali poyenera, ndipo tsikulo likhale la ntchito, lomwe mabanki ali otsegula.

Onaninso kuti m'kalatamo mulibe mawu akuti "mundithandize". Bambowo sakukuthandizani akamalipira, akubweza zanu, ndipo mukapempha ngati wopempha chithandizo mumawapatsa ufulu wosankha kuthandiza kapena kusathandiza. Pa chifukwa chomwecho sindinaikemo mavuto anu, ngakhale ndikudziwa kuti alipo, kuti mwina matabwa munatenga pangongole ndipo anyamata anu ogwira ntchito akudikira malipiro. Mukalemba kuti mwana akudwala kapena lendi yakwana, nkhani imasanduka mpikisano wa mavuto, iwonso akuuzani awo, ndipo mapeto ake mudzalandira K50,000 "yoti mugwirizeko" m'malo mwa ngongole yanu. Ndalamazo ndi zanu chifukwa madesiki anafika ndipo ana akukhalira, kaya kunyumba kwanu kuli mavuto kaya kulibe. Musapepesenso chifukwa chokumbutsa. Mawu akuti "pepani pokuvutitsani" amaoneka aulemu, koma amakuikani inu pamalo a wolakwa.

Ndime yachitatu yasiya makomo atatu otsegula, ndipo ulemu weniweni wa kalatayi uli pamenepo. Mwina analipira kale, mwina pali chodandaula, mwina ndalama palibe. Munthu wamkulu amene ndalama zamuthera amavutika kunena yekha kuti "sindingathe", makamaka kwa munthu amene amakumana naye kutchalitchi sabata iliyonse, kotero amasankha kukhala chete kapena kunena kuti tikuonani. Mukamuuza kuti kulipira m'magawo n'kololedwa malinga alembe masiku, mwamupatsa njira yotulukira osachita manyazi. Tsiku loyankhira ndaliika pa 12 Meyi, patsogolo pa tsiku lolipira, kuti ngati pali chifukwa chilichonse chituluke msanga, chisadzatuluke madzulo a pa 16.

Za chimene mudzachite tsiku likadutsa, lembani chokhacho chimene mudzachitedi. M'kalata yathu tanena zinthu ziwiri zazing'ono koma zoona, kuimitsa ntchito ina ndi kulemba kalata yomaliza. Musatchule loya kapena khoti m'chikumbutso choyamba cholembedwa, chifukwa mukaopseza ndi khoti lero kenako mwezi n'kutha osachita kanthu, kasitomala amaphunzira kuti mawu anu alibe mano, ndipo kalata zanu zotsatira sadzaziwerenganso. Musaopseze ndi apolisi, popeza kulephera kulipira ngongole ya malonda ndi nkhani ya pakati pa anthu awiri imene imaweruzidwa kukhoti, si mlandu wa upandu. Musanene kuti mudzabwera ndi lole kudzatenga madesiki anu, chifukwa kulowa pamalo a eni ake n'kutenga katundu popanda chilolezo cha khoti kungakusandutseni inu woimbidwa mlandu. Ndipo chonde musalembe za ngongoleyi pa Facebook kapena pagulu la WhatsApp la mpingo, kapena kuuza makolo a ana a pasukulupo. Kuchita zimenezi kumapha ubale umene mukufuna kuusunga, kumaumitsa mtima wa wokongolayo, komanso kungakubweretsereni mlandu woipitsa mbiri ya munthu.

Mwina mukuganiza zowonjezera chiwongoladzanja chifukwa cha kuchedwaku, ndipo ndikumvetsa, pakuti ndalama yochedwa imachepa mphamvu. Amalonda onse akukumbukira Novembala 2023 pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo amene anali ndi ngongole kunja analandira ndalama zosagulanso katundu yemwe uja. Komabe ngati chiwongoladzanja sichinalembedwe pa kotesheni kapena pa invoisi imene iwo anavomereza, musachiike m'kalatayi mwa inu nokha. Mungotsegula mkangano watsopano pa ngongole imene pakali pano palibe akuitsutsa. Phunziro lake ndi la ntchito zamtsogolo: lembani pa kotesheni masiku olipirira ndi zimene zidzachitike akachedwa, ndipo kasitomala asaine musanadule thabwa loyamba.

Katumizidwe kake nakonso n'kofunika. Sindikizani makope atatu, la eni sukulu, la basala ndi lanu, mupite nawo nokha ku ofesi ya sukulu m'mawa wa tsiku la ntchito, ndipo amene walandira asaine ndi kulemba tsiku pa kope lanu, ngati pali chidindo adindepo. Mukatero jambulani kalatayo ndi kuitumiza pa WhatsApp ya eni sukulu ndi mawu ochepa, monga akuti: "Mwadzuka bwanji Bambo. Ndasiya kalata ku ofesi yokhudza invoisi 027, ndalama zotsala K1,200,000. Ndikupempha malipiro pofika Lachisanu pa 16 Meyi. Zikomo kwambiri." Musatumize uthenga wa mawu ojambula, chifukwa mkwiyo kapena mantha zimamveka m'mawu ngakhale munthu atayesetsa kubisa, komanso ndi wovuta kuusonyeza ngati umboni. Musatumize usiku kapena Lamulungu, ndipo mukakumana kutchalitchi apatseni moni monga mwa masiku onse osatchula za kalatayo. Kulekanitsa malo opempherera ndi nkhani ya ngongole ndi kumene kudzasunge ubale wanu kuposa mawu ofewa alionse amene mungalembe.

Nthawi imene mukulemberayi ikukukomerani. Teremu yachitatu ndi kumene yayamba, ndipo masukulu oyima paokha amakhala ndi ndalama m'masabata oyamba a teremu pamene makolo akulipira fizi. Kuno ku Kasungu ino ndi nyengonso imene fodya akugulitsidwa ku Chinkhoma ndipo makolo ambiri ali ndi kangachepe m'thumba. Mukadikira mpaka Julaye, ndalamazo zidzakhala zitapita ku malipiro a aphunzitsi ndi kwa ena amene anakumbutsa inu musanakumbutse, chifukwa bungwe limene lili ndi ngongole zambiri limayamba kulipira amene afunsa momveka ndi polemba.

Yankho limene mudzalandire lidzakuuzani mtundu wa vuto limene muli nalo. Basala akakuimbirani n'kunena kuti invoisi sanaione, kapena kuti pakufunika oda yolembedwa kapena nambala yanu ya msonkho ya ku MRA kuti akonze malipiro, dziwani kuti vuto linali la mapepala, ndipo mukapereka zimene akufunazo tsiku lomwelo ndalama sizichedwa. Pamenepa mufunsenso ngati adzadulapo msonkho umene olipira ena amadula asanapereke ndalama, ndipo akadula akupatseni satifiketi yake, kuti ndalama zikalowa zoperewera musaganize kuti akuberani. Eni sukulu akayankha kuti zinthu zavuta koma akhoza kupereka theka, limenelo ndi yankho labwino, ndipo mulilandire koma mulimange. Alembereni kuti: "Zikomo Bambo chifukwa cha yankho lanu. Monga tagwirizana, mupereka K600,000 pa 16 Meyi ndi K600,000 yotsala pa 30 Meyi. Chonde tsimikizani poyankha uthengawu." Magawo asapitirire awiri kapena atatu, ndipo gawo loyamba likhale lalikulu ndiponso lapafupi, chifukwa ndi limene limasonyeza ngati munthuyo akunena zoona. Mukalandira gawo lililonse lembani risiti yonena ndalama zimene zalowa ndi zimene zatsala, kuti pasadzakhale wonena kuti munavomera zochepazo ngati malipiro onse.

Pali yankho lina lofuna kusamala, lakuti madesiki ena anali ndi vuto. Dandaulo limene latulukira patatha miyezi iwiri, kalata itangofika, nthawi zambiri limakhala njira yogulira nthawi, komabe musalikane pafoni. Pitani mukaone, muwerenge madesiki amene akunenedwawo pamaso pa munthu wa pasukulupo, ndipo ngati alipodi, tiyerekeze anayi, akonzeni kapena ikani pambali mtengo wake, womwe ndi K180,000, n'kupempha kuti K1,020,000 imene palibe akuitsutsa iperekedwe pa tsiku lomwe lija. Madesiki anayi asagwire ndalama za madesiki 36.

Akangoyankhanso kuti "tikuonani", bwezani mwaulemu ndi funso limodzi lokha: "Zikomo Bambo. Kodi ndiyembekezere malipirowa pa 16 Meyi monga ndinapempha, kapena pali tsiku lina limene mungalembe?" Ndipo pa 16 pakadutsa popanda ndalama kapena yankho, Lolemba lotsatira, pa 19 Meyi, tumizani kalata yomaliza ija monga munanenera. Ikhale yaifupi kuposa yoyamba, itchule kalata ya pa 7 Meyi, ibwereze ndalama zomwe zija, ipereke masiku 14, ndipo inene kuti akadutsa masiku amenewa nkhaniyi mudzaitengera kukhoti. Musanaitumize, pitani ku ofesi ya khoti la majisitireti pa boma pomwepo mukafunse kalaliki za ndondomeko yosumira ngongole ya kukula kotere ndi ndalama zolipira, kuti polemba mawu akuti khoti mukhale mukudziwa chimene mukunena. Pakati pa kalata ziwirizi mukhoza kupempha munthu mmodzi amene nonse mumamulemekeza kuti akhale mkhalapakati, koma muwadziwitse bambowo poyamba, ndipo zimene mwagwirizana pamaso pa munthuyo zilembedwe ndi kusainidwa.

Lamulo la dziko lino limapereka zaka zisanu ndi chimodzi zoti munthu asumire ngongole yochokera pa mgwirizano wamba ngati wanuwu, choncho simunachedwe, koma zimenezi zisakupatseni ulesi, chifukwa umboni umasowa ndipo anthu amasamuka. Sungani mu fayilo imodzi invoisi, kapepala kolandirira katundu, risiti ya K600,000, makope osainidwa a kalata zanu ndi zithunzi za mauthenga onse a pa WhatsApp. Makamaka sungani uthenga uliwonse umene bambowo avomereza kuti ngongoleyo ilipo, ngakhale utakhala wa mzere umodzi wonena kuti "tilipira kumapeto kwa mwezi", chifukwa mukadzafika pamaso pa majisitireti, mzere umenewo udzasonyeza kuti madesiki analandiridwa ndipo mtengo wake sunatsutsidwe.